Foni iyi yachokera mu kaunjika wa ana

Nayi ili m'manja, abale anga. Si foni ya mabwana ayi, ndi Tecno wamba yolowa masimu awiri, koma ndaigula yatsopano m'katoni mwake, lisiti lili m'dzina langa, ndipo sindinakongole kwa munthu ngakhale tambala. Inu amayi amene mwakhala mukundigula timadiresi ndi timakabudula ta ana, ndalama zanu zija ndi zimenezi. Zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Ine belo lathunthu sindigula, mpamba wanga sunafikepo pamenepo. Ndimalawirira ku Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, nthawi imene eni mabelo akumasula, n'kumasankha chimodzichimodzi. Ndimayang'ana m'khwapa, pakolala ndi zipi, chifukwa dothi limachoka ndi sopo koma banga la jiki ndiye basi, silichoka. Diresi yabwino ndikaipeza pa K2,500, ndimakaichapa, kuisita, n'kuigulitsa K4,500. Wongoonerera amati ndawina K2,000. Sizili choncho. Muchotsepo ya minibasi popita ndi pobwera, sopo, makala a m'simbi, ndi zovala zina zimene zimakanirira mpaka uzigulitse pamtengo womwe unaodera. Chotsala chenicheni pa diresi ngati imeneyo chimangopitirira pang'ono K1,000.

Nkhani yonse ya foniyi yagona pa kachotsala kameneko. Mpamba sindiukhudza, ngakhale ndiwo zithe m'nyumba. Phindu lokha ndi limene ndimaligawa patatu: lina la pakhomo, lina lowonjezera mpamba, lina logulira masheya ku banki m'khonde yathu sabata ndi sabata. Ndalama ikagona m'nyumba imamva kuitana, lero maliro, mawa mlendo, pamene ikalowa m'bokosi la gulu umaionanso pa tsiku logawana basi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafoni anakwera mtengo, zovala kooda nazonso zinakwera, ndipo zimene ndinalandira chaka chimenecho sizinakwane. Anzanga ena ankati ndingotapa pa mpamba ndigule. Ndinakana. Foni yokongola popanda katundu womujambula ndi ya ntchito yanji? Ndinadikira kugawana kwina.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ikanatsikirako mtengo, koma ndinaiopa. Ina imakhala yakuba, ndipo apolisi akailondola amagwira amene ampeza nayo. Ina ukaifufuta zonse kuti uyambe mwatsopano imafuna akaunti ya Google ya mwini wake wakale, iwe n'kutsala ndi galasi losatseguka. Ngakhale yatsopanoyi sindinangoinyamula. Ndili m'sitolo momwemo ndinaimba *#06#, nambala ya IMEI n'kutuluka, ndipo ndinaifananitsa ndi yolembedwa pakatoni, kenako ndinapempha kuti ailembenso palisiti. Ndinali nditatenga kadiresi kofiira m'chikwama, n'kukajambula pomwepo. Wogulitsa anaseka, koma kamera yosandutsa chofiira kukhala cha olenji ingandiyambanitse ndi makasitomala, poti munthu amalipira mtundu umene wauona pachithunzi.

Kafoni kanga ka mabatani sindikanyoza, kagwira ntchito yake. Koma kufotokozera mayi pakamwa kuti diresi ili ndi maluwa otani, ya mwana wa zaka zingati, kunkandithera mayunitsi, ndipo mapeto ake ankangoti ndibwera ndidzaone, osabwera. Tsopano katundu watsopano ndizimuika pa sitetasi ya WhatsApp, chovala chilichonse ndi mtengo wake komanso msinkhu wa mwana amene chingamukwane. Masimu onse awiri alimo, choncho wa Airtel Money ndi wa Mpamba nonse mutha kulipira osavutika. Chimodzi chokha musakhumudwe nacho: mukanditumizira ndalama, ndiziyamba ndaona ndekha balansi pa *211# kapena *444# ndisanapereke katundu. Mauthenga abodza onena kuti walandira ndalama achuluka, ndipo lamuloli ndi la aliyense, ngakhale alamu anga.

Chithunzichi wandijambula ndi mwana wanga wamkulu pa foni ya aneba, ndiye ngati chaoneka mwachimbuuzi, si foni yanga imeneyo. Iyeyo ndamuuza kale kuti bando ya muno ndi ya bizinesi, si ya mavidiyo. Loweruka likubwerali ndiika majuzi a ana azaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, poti kuzizira kwayandikira ndipo Juni akafika mitengo kooda ikwera. Amene muli ndi kangongole kanga ka mwezi watha, dzina sinditchula, koma dziwani kuti kope lija lilipobe.