Lachiwiri ku Zomba: tsamba lachiwiri la CV muli chiyani?

Lero kunabwera ma CV awiri oti ndiwaone, ndipo mavuto ake anali osiyana ngakhale funso linali limodzi: CV ikhale ya masamba angati? Woyamba anali wa mtsikana wa ku Chinamwali amene anamaliza digiri yake ku University of Malawi mu 2022, wa masamba atatu. Wachiwiri anali wa bambo wina wa ku Matawale, kilinikofesala amene wagwira ntchito zaka 14, wa tsamba limodzi lokha koma lothinana ngati minibasi ya ku Jali tsiku la msika. Wa masamba atatu uja tinaubweza pa tsamba limodzi, ndipo wa tsamba limodzi uja tinaupatsa lachiwiri.

Mtsikanayu anafika m'mawa atanyamula chikalata cholengeza ntchito. Bungwe lina likufuna munthu wosonkhanitsa ndi kusanthula deta, ndipo zofunika zalembedwa zisanu: digiri, zaka ziwiri akugwira ntchito yotereyi, kudziwa mapulogalamu osonkhanitsira deta a KoboToolbox kapena ODK, kudziwa Excel, ndi kulankhula Chiyao. Tisanakhudze kompyuta tinatenga cholembera n'kupereka manambala 1 mpaka 5 kwa zofunikazo, kenako tinayenda mu CV mzere ndi mzere tikulemba pambali nambala ya chofunika chimene mzerewo ukuyankha. Mzere wosayankha kanthu unkasiyidwa wopanda nambala.

Tsamba loyamba lonse linatuluka ndi nambala imodzi yokha, pa mzere wa zilankhulo. Pamwamba panali mawu akuti CURRICULUM VITAE a zilembo zazikulu, pansi pake ndandanda imene tonse tinaizolowera: dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, mpingo, kaya ndi wokwatiwa kapena ayi, kenako ndime ya mizere isanu ndi umodzi yonena kuti ndi wolimbikira, woopa Mulungu komanso wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Digiri inali pa tsamba lachiwiri, pansi pa sukulu ya pulayimale ndi magiredi a phunziro lililonse la MSCE. KoboToolbox, imene waigwiritsa ntchito pa kafukufuku kanayi konse, inali pa tsamba lachitatu pafupi ndi zokonda kuchita pa nthawi yopuma.

“Achemwali, munthu amene ali ndi mulu wa makalata patebulo lake akaona tsamba loyambali, adziwa kuti mumakwanitsa ntchitoyi?” ndinamufunsa.

“Ayi, koma akapitiriza awona.”

Pagona vuto ndi pomwepo. Kusankha koyamba sikukhala kuwerenga kwenikweni. Wosankhayo amakhala ndi pepala la zofunika zija, amayang'ana ngati chilichonse chilipo n'kuchonga. Akapanda kuzipeza pa tsamba loyamba, ena amatembenuza, ena satembenuza, ndipo wofunsirayo sangadziwe kuti kalata yake igwera m'manja mwa ndani. Choncho funso la kutalika kwa CV limayambira pa tsamba loyamba: kodi likhoza kuima palokha lachiwiri litathothoka pa sitepula?

Tsamba limodzi si laling'ono monga anthu amaganizira. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mukasiya mpata wa masentimita 2 m'mphepete monse n'kulemba ndi Calibri wa saizi 11, mizere yosatalikirana, mumapeza mizere pafupifupi 50. Imeneyi tinaigawa motere. Dzina, nambala ya foni, imelo ndi tawuni zinatenga mizere itatu. Ndime yofotokoza kuti iye ndi ndani pa ntchito inatenganso itatu, ndipo munalowa digiri, zaka zimene wakhala akusonkhanitsa deta, KoboToolbox, Excel ndi Chiyao, kutanthauza kuti zofunika zonse zisanu zikuoneka munthu asanafike pakati pa pepala. Ntchito zimene wagwira zinatenga mizere 22, maphunziro isanu, luso la kompyuta ndi zilankhulo inayi, anthu atatu omuchitira umboni isanu ndi umodzi. Yotsalayo inapita ku timitu ndi mipata yopumira maso.

Pamene panavuta ndi pa ntchito. Ambiri amene amaliza sukulu kuno ku Zomba amayamba ndi maganyu a kafukufuku, mwezi uno masabata atatu ku Machinga, mwezi wina masabata asanu ku Phalombe, ndipo mtsikanayu anali nawo asanu ndi awiri. Aliyense anamulemba payekha, ndi mutu wake, madeti ake ndi mawu omwewo akuti ankafunsa anthu mafunso ndi kulowetsa mayankho mu tabuleti. Kubwereza kumeneku kokha kunadya tsamba lathunthu. Tinawasonkhanitsa pansi pa mutu umodzi wa wosonkhanitsa deta, 2022 mpaka 2024, mzere umodzi wotchula mabungwe ndi maboma, kenako mizere inayi yonena zimene zinali zosiyana: kuti pa kafukufuku wina ankayang'anira anzake asanu, kuti anamasulira mafunso kupita m'Chiyao, kuti ankayeretsa deta mu Excel madzulo aliwonse isanatumizidwe. Tinawonjezera mzere wina wowerengetsa miyezi yonse pamodzi ndi ya ntchito yake yapano, chifukwa bungwe likati zaka ziwiri, wosankhayo sakhala pansi kuphatikiza masabata anu.

Za mudzi, mfumu ndi mpingo tinachotsa. Pokhapokha olemba ntchito atapempha okha, kapena atapereka fomu yawo yokhala ndi malo ake, zimenezi sizithandiza kusankhidwa, ndipo nthawi zina zimangopatsa munthu chifukwa chokukayikirani. Pulayimale ndi JCE zinachoka. MSCE inatsala mzere umodzi wa sukulu ndi chaka, popeza amene ali ndi digiri safunikanso kuonetsa kuti Jogalafe anakhoza bwanji, komanso makope a masatifiketi amapita mu envulopu yomweyo. Omuchitira umboni sitinawachotse. Malangizo ambiri ochokera kunja amati musawalembe, koma kuno zolengeza ntchito zambiri zimapempha anthu atatu opezeka mosavuta, ndipo kusawalemba ndi kusamvera zimene mwauzidwa. Chofunika ndi kuwapanikiza, aliyense mizere iwiri: dzina ndi udindo, kenako foni ndi imelo.

Masana kunagwa kamvula, magetsi n'kuthima kwakanthawi, ndiye bambo a ku Matawale aja anapeza tikudikira. CV yawo inali itasindikizidwa kale, choncho tinayamba ndi pepala. Zilembo zinali za saizi 9, mpata wa m'mphepete pafupifupi sentimita imodzi. Mphwawo wina anawauza kuti masiku ano CV siipitirira tsamba limodzi, ndiye anakankhira zaka 14 m'menemo.

“Bambo, tachiwerengani chiganizo ichi muli chikhalire, osayandikiza pepala kumaso.”

Anaseka n'kuyamba kufunafuna magalasi m'thumba. Pepala lotere likadutsanso pa fotokope kuti aliyense wa pa intavyu akhale ndi lake, zilembo zing'onozing'ono zimafufutika, ndipo mapulinta ambiri safika kumapeto kwenikweni kwa pepala, mwakuti mzere womaliza umatha kudulidwa. Kutsika pansi pa saizi 10 kapena 10.5 ndi chizindikiro chakuti mwina muchotse zinthu, mwina mutsegule tsamba lachiwiri.

Tinachita zomwe zija za manambala. Ntchito imene akufuna ndi yoyang'anira chipatala chaching'ono cha mishoni, ndipo zofunika zinali zisanu ndi zitatu. Apa zinatembenuka: pafupifupi mzere uliwonse unalandira nambala, ndipo zina zofunika kwambiri anazisiya kunja chifukwa chosowa malo. Sanalembe kuti anayang'anirapo antchito khumi ndi awiri, sanalembe za kuitanitsa ndi kusunga mankhwala, ngakhale nambala yawo ya kaundula ku Medical Council of Malawi inalibemo. Tsamba lachiwiri limaloledwa pa chifukwa chimenechi. Mwachotsa kale zonse zopanda nambala, mwaphatikiza zobwerezabwereza, zilembo zili pa saizi yowerengeka, koma umboni woyankha zimene apempha ukadatsalabe wokwana theka la tsamba kapena kuposa. Zaka zokha si chifukwa. Mphunzitsi amene waphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu imodzi zaka 20 akhoza kukwana bwinobwino pa tsamba limodzi, pamene wina wa zaka zisanu ndi chimodzi amene wasintha maudindo katatu akhoza kufunika awiri.

Kagawidwe kake nakonso kali ndi nzeru yake. Pa tsamba loyamba la bambowa tinaika ndime yachidule, nambala ya kaundula, maphunziro apamwamba ndi maudindo awiri aposachedwa, uliwonse mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Pa lachiwiri panapita maudindo akale, amene ankafupika pamene tikubwerera m'mbuyo mpaka woyambirira unatsala mzere umodzi, kenako maphunziro afupiafupi ndi owachitira umboni. Anali ndi masatifiketi a misonkhano ya maphunziro oposa 20, ndipo ankafuna onse alowe. Tinasankha asanu ndi limodzi ogwirizana ndi ntchitoyo. Ndandanda yaitali ya misonkhano ya kunyanja, kunena zoona, ena amaiwerenga ngati umboni wakuti munthuyo sapezeka pa ofesi.

Choipa kuposa zonse ndi tsamba lachiwiri la mizere inayi yokha, nthawi zambiri womuchitira umboni wachitatu ali yekhayekha pamwamba pa pepala loyera. Zikatero bwererani mukadule. Yang'anani ziganizo zimene zasefukira ku mzere wachiwiri ndi liwu limodzi kapena awiri, chifukwa chilichonse mukachifupikitsa mwapulumutsa mzere wathunthu. Yang'ananinso kukula kwa pepala. Makompyuta ambiri amabwera Word ili pa `Letter`, pepala lalifupi ndi mamilimita 18 poyerekeza ndi A4, ndiye pitani pa `Layout`, kenako `Size`, musankhe `A4`. Nthawi zambiri mizere yosefukira ija imabwerera yokha.

Magetsi atayaka tinamaliza zing'onozing'ono. Tinaika dzina ndi nambala ya tsamba pansi pa masamba onse awiri kudzera pa `Insert` ndi `Page Number`, kuti akalekana adziwike mwini wake. Udindo umodzi unaduka pakati, mutu uli pansi pa tsamba loyamba, zofotokoza zili kuseri, ndiye tinausankha n'kuchonga `Keep with next` m'bokosi la `Paragraph` kuti utsike wonse pamodzi. Kenako tinasunga ngati PDF, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda zilembo zimene munasankha, masamba awiri amatha kusanduka atatu. Posindikiza, mapepala awiri osiyana ndi abwino kuposa kutsogolo ndi kumbuyo, popeza wopanga fotokope mothamanga amaiwala kutembenuza.

Bambowa asananyamuke anafunsa za mlamu wawo amene akufunsira ntchito yophunzitsa ku yunivesite, ngati nayenso adule. Kumeneko lamulo ndi lina. CV ya mphunzitsi wa ku yunivesite imayenera kutchula zonse zimene wasindikiza, maphunziro amene waphunzitsa, ophunzira amene wawayang'anira ndi ndalama za kafukufuku zimene wapeza, ndipo masamba asanu kapena kuposa si zachilendo. Chimodzimodzi bungwe likalemba lokha kuti musapitirire masamba awiri kapena atatu, kapena likapereka fomu yake, mumatsata zimenezo. Mlamuyo akuti abwera Lachinayi ndi mndandanda wa zolemba zake.