Kusakaniza zithunzi za bambo ndi mayi kuti tione nkhope ya mwana

Kuno ku Salima mabanja oyembekezera amabwera ndi zithunzi ziwiri kufuna kuona mmene mwana adzaonekere. Ntchitoyi ndimaichita pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya GIMP, ndipo theka lake limathera pa kusankha zithunzi.

Ndimafuna onse awiri ayang'ane kamera molunjika, pakamwa potseka, opanda magalasi, duku losaphimba chipumi. Chithunzi chodzijambula wekha foni ili pafupi ndimachikana, chifukwa chimakulitsa mphuno n'kubisa makutu. Wojambula aime patali mamita awiri. Dzuwa la masana, monga lija la pamchenga ku Senga Bay, limaika mthunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, choncho ndimawajambulira pakhonde, malo amodzi, nthawi imodzi. Zikamabwera pa WhatsApp ndimapempha azitumize ngati Document kuti zisamaoneke mwachimbuuzi.

Ndimatsegula cha bambo ndi File > Open, cha mayi n'kuchiika pamwamba pake ndi File > Open as Layers. Pamenepa m'pofunika kudekha, chifukwa maso ayenera kukumana ndendende. Ndi Measure ndimayeza mtunda wochokera pa mwana wa diso lina kufika pa linzake. Tinene kuti kwa bambo ndapeza mapikiselo 300, kwa mayi 240. Kugawa 300 ndi 240 kukupereka 1.25, ndiye chithunzi cha mayi ndimachikulitsa kufika pa 125% kudzera pa Layer > Scale Layer, m'litali ndi m'lifupi mofanana. Kenako Opacity ya chapamwambacho ndimaitsitsa kufika pa 50 kuti nkhope zonse zizioneka, n'kuchisuntha ndi Move mpaka diso likhale pa diso. Ngati limodzi lakumana koma linalo lakwera, ndiye kuti wina anapendeketsa mutu, ndipo Rotate amakonza zimenezo.

Maso akakumana, vuto limatsikira m'munsi. Mukaona milomo iwiri kapena zibwano ziwiri, nkhope imodzi ndi yaitali kuposa inzake. Ndimakankha pang'onopang'ono ndi Warp Transform, mbali iyi theka, inayo theka, kuti zikumane pakati. Ndevu za bambo zimasanduka utsi wotuwa, ndiye ndimazifufuta ndisanaphatikize ndi Image > Flatten Image.

Chatuluka apa ndi nkhope ya munthu wamkulu. Kwa wamkulu maso amakhala chapakati pa mutu, pomwe kwa khanda amakhala m'munsiko chifukwa chipumi n'chachikulu. Ndimatalikitsa chipumi, kufupikitsa chibwano, kuchepetsa mphuno ndi kudzazitsa masaya. Zonsezi ndikuchita ndi dzanja langa, ndipo wina atachita yekha angatulutse mwana wosiyana ndi wanga.

Anthu amasangalala poona kuti mwanayo watuluka wokongola, khungu lili see. Pafupifupi nthawi zonse zimatero, chifukwa kusakaniza kumafafaniza zipsera ndi kupendekeka kulikonse kwa nkhope. Sikuti kompyuta yaona zam'tsogolo.

Ndisanapereke chithunzicho ndimafotokoza chifukwa chake n'chongoyerekeza. Kompyuta yatenga theka la mphuno iyi ndi theka la inayo, ngati kusakaniza ufa woyera ndi mgaiwa. Thupi silichita choncho. Munthu ali ndi makoromozomu 46, tinthu tonyamula malangizo a chibadwa, ndipo amakhala awiriawiri. Dzira la mayi limatenga limodzi pa awiri alionse, onse pamodzi 23, chimodzimodzinso mbewu ya bambo. Kusankhako kumachitika mwamwayi, ndipo kholo limodzi lokha lingatulutse mitundu 8,388,608 ya kasankhidwe, tisanawerenge kuti makoromozomuwo amayambanso asinthana tizidutswa. N'chifukwa chake ana a bere limodzi amasiyana: uyu watengera mphuno ya agogo, uyo mtundu wa khungu wa azakhali. Zithunzi ziwiri zomwezo ndikazisakaniza kakhumi zindipatsa nkhope imodzimodzi, pomwe banjalo likabereka ana khumi lidzaona nkhope khumi.

Palinso zimene kholo limanyamula koma siziwonekera pankhope. Chialubino ndi chitsanzo chomveka bwino. Bambo ndi mayi onse akhoza kukhala akhungu lakuda, koma ngati aliyense ananyamula chibadwa chimenechi mobisika, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi pa inayi woti mwana abadwe ndi chialubino. Mwanayo ndi wawo ndithu, ngakhale palibe chithunzi chosakaniza chikanasonyeza zimenezi.

Pa chifukwa chomwechi ndimakana munthu akabwera ndi chithunzi cha mwana wobadwa kale, kufuna kuti ndichifanizire ndi chosakanizacho kuti adziwe ngati mwanayo ndi wake. Kusafanana kumeneko si umboni wa chilichonse, ndipo kungapasule banja popanda mlandu. Funso limenelo limayankhidwa ndi kuyeza DNA. Kwa ena onsewo ndimalemba pansi pa chithunzi mawu akuti "chongoyerekeza", n'kusunga ndi File > Export As chisanapite kukasindikizidwa.