Apu ya ku banki ikakana kutseguka pamene WhatsApp ikuyenda

Kumathero a mwezi, madzulo, ndinkafuna kutumiza ndalama za lendi kwa alandilodi ndili kunyumba ku Area 25. Apu ya ku banki inkangozungulira, kenako n'kulemba kuti intaneti yanga ndi yosakhazikika. Chodabwitsa chinali chakuti timizere ta netiweki tinalipo ndithu, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ankabwera.

WhatsApp ndi imene imatisocheretsa ambirife. Netiweki ikaduka, iyo imasunga uthenga n'kumayesabe mpaka utapita, inu osazindikira kuti panali kudukaduka. Apu ya ndalama sidikira chomwecho. Isanakuonetseni kalikonse imayamba yagwirizana ndi seva ya banki pa njira yobisira zimene mukutumizirana, ndipo zimenezi zimafuna kuti mauthenga angapo apite ndi kubwerera motsatizana. Ena akatayika panjira, nthawi yomwe apuyo inapatsidwa yodikira imatha, n'kukana. Choncho chofunika kufufuza ndi chakuti intaneti ikuduka kapena ayi. Liwiro lake si nkhani kwenikweni, chifukwa apu yotere sidya deta yambiri.

Ndinayambira pa bandulo. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha nthawi zambiri sitsegula apu ya banki, ngakhale chizindikiro cha intaneti chikuoneka pamwamba. Yanga inali ya intaneti yonse ndipo inali isanathe. Ndinaonanso kuti tsiku ndi nthawi pa foni n'zolondola komanso kuti VPN ndi yozimitsa, poti ziwirizi nazo zimalepheretsa kugwirizana kuja.

Kenako ndinaika foni patebulo n'kumayang'ana chilembo cha pafupi ndi timizere tija. Chinkasinthasintha: 4G, kenako H+, n'kubwereranso pa 4G. Apa foni imakhala kuti ili kumalire a 4G, ndiye ikungodumphadumpha, ndipo ikamadumpha intaneti imatha kuima kaye pang'ono. Pa mafoni ambiri a Android, mukalowa Settings, About phone, SIM status, mumaona mphamvu ya netiweki m'manambala. Pa 4G, cha m'ma -85 dBm ndi bwino, koma ikafika -110 dBm kapena kupitirira ndiye yafooka. Yanga m'chipinda inali cha m'ma -113 dBm.

Pofuna kutsimikiza ndinalumikiza laputopu ku foni kudzera pa Hotspot, n'kutsegula Command Prompt, pulogalamu ya pa Windows yolembamo malamulo, ndi kulemba:

```
ping -n 30 8.8.8.8
```

Lamuloli limatumiza timauthenga 30 ku seva ya Google n'kuonetsa nthawi imene kalikonse katenga kupita ndi kubwerera. Amene alibe laputopu akhoza kuika pa foni apu yaulere yochita ping, ntchito yake ndi yomweyo. Nthawiyi imayezedwa mu ms, ndipo 1000ms ndi sekondi imodzi. Mizere yambiri inkasonyeza pakati pa 70ms ndi 90ms, zomwe zili bwino, koma ina inkakwera kupitirira 1000ms, ina n'kulemba Request timed out. Kumapeto inati Lost = 6 (20% loss), kutanthauza kuti pa timauthenga tisanu tilitonse, kamodzi kankasowa. Intaneti yokhazikika imapereka manambala oyandikana komanso 0% loss. Ine ndimakhulupirira mayeso awawa kuposa oyeza liwiro aja, chifukwa aja amatha kukupatsani nambala yosangalatsa pamene intaneti ikudukabe, komanso amadya bandulo.

Kutuluka panja kukanathandiza, poti malata ndi makoma zimafooketsa netiweki, koma kunali kutada ndipo sindinafune kumalemba nambala yachinsinsi ndili pamsewu. M'malo mwake ndinalowa pa Preferred network type (mafoni ena amalemba Network mode) n'kusankha 3G kuti foni isiye kusakasaka 4G. Nditabwereza ping, nthawi inakwera kufika cha m'ma 150ms, koma palibe kanatayika. Ndinatseka apu ija kotheratu, n'kuitsegulanso, ndipo inalowa.

Ping ikanakhala yabwino kuyambira pachiyambi koma apu n'kumakanabe, ndikanadziwa kuti vuto lili ku seva ya banki kapena apuyo yakalamba, ndipo kusintha netiweki sikukanaphula kanthu. Zikatero, kapena intaneti ikakanikiratu, njira ndi manambala oyamba ndi nyenyezi aja, monga *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, ndipo mabanki nawo ali ndi awo. Amenewa safuna bandulo, amayenda ngakhale pa 2G.

Pamene ndimasamala kwambiri ndi pomwe apu yaduka nditalemba kale nambala yachinsinsi. Lamulo lotumiza likhoza kukhala kuti lafika ku banki, n'kungotayika yankho lobwerera kwa inu. Mukabwereza msanga, lendi ipita kawiri, ndipo kubweza ndalama zotere kumatenga nthawi. Dikirani uthenga wotsimikiza, muone ndalama zotsala ndi mndandanda wa zomwe mwatumiza, ndipo mubwereze pokhapokha mwaona kuti sizinachoke. Zanga zinapita kamodzi, ndipo alandilodi atayankha kuti azilandira ndinabwezera foni pa 4G, chifukwa kuisiya pa 3G kumachedwetsa zina zonse.