Mmene ndinawerengera ndalama zoperewera pa penshoni yanga

Ndili ndi zaka 45, ndipo pantchito pathu timapuma tikafika zaka 60. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi: ndalama zimene zikusonkhana ku penshoni zidzandikwanira kapena ayi, ndipo ngati sizidzakwana, zikuperewera zingati. Ndikufotokozerani mmene ndinawerengera, ndi manambala anga, kuti inu mungochotsa angawo n'kuikapo anu.

Ndinayamba ndi kupempha sitetimenti ya penshoni kudzera ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Pa pepalalo ndinkafunapo zinthu zitatu: ndalama zonse zimene zilimo panopa, ndalama zimene zinalowa m'chaka chathachi, ndi bonasi imene kampani yosunga penshoni inaikamo. Ndalama zonse zimene zinalimo zinali K18 miliyoni. Malamulo a penshoni m'Malawi muno amati bwana aziika osachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito osachepera 5 peresenti. Malipiro anga owerengera penshoni ndi K900,000 pamwezi, ndiye 15 peresenti yake ndi K135,000, kapena K1,620,000 pachaka. Koma si zonsezi zimene zimakhazikika mu akaunti yanga, chifukwa osunga ndalamazo amadulapo malipiro a ntchito yawo. Ine ndinagwiritsa ntchito K1,500,000 pachaka, molingana ndi zimene sitetimenti inkaonetsa.

Musanapitirire, yalani mapepala a malipiro anu pambali pa sitetimentiyo, muwerenge miyezi. Pali mabwana amene amadula 5 peresenti ija pa malipiro koma osaitumiza. Mukaona kuti miyezi ina palibe chimene chinalowa, funsani ku ofesi, ndipo zikakanika nkhaniyo imakafika kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu. Kuwerengera ndalama zimene sizinafike n'kudzinamiza.

Kenaka ndinadzifunsa kuti ndikadapuma lero, mwezi ukadandidyera zingati. Sindinatsate zoti munthu amafunika gawo lakutilakuti la malipiro ake. Ndinalemba zenizeni: chakudya, magetsi ndi madzi, mayendedwe, chopereka kutchalitchi, thandizo kumudzi ndi maliro, komanso mankhwala. Fizi ya ana ndinaichotsa chifukwa adzakhala atamaliza, koma ya chipatala ndinaikweza, poti sikimu ya kuntchito imatha tsiku limene ntchito yatha, pomwe matenda a BP ndi shuga ndiye amayamba kufuna ndalama. Zonse zinakwana K600,000 pamwezi. Ndili ndi kanyumba kakuseri kamene kamabweretsa lendi ya K100,000, ndiye penshoni iyenera kundipatsa K500,000 pamwezi, kapena K6 miliyoni pachaka.

Tsopano pamene pagona nkhani yonse ndi pa phindu limene ndalamazo zizipanga. Apa ndipamene ndinakhalitsa, chifukwa kuno kwathu manambala a bonasi amaoneka akuluakulu. Tiyerekeze kuti bonasi ndi 25 peresenti chaka chilichonse. K18 miliyoni yanga ija, popanda kuwonjezerapo ngakhale tambala, ingafike pa K511 miliyoni pakutha pa zaka 15. Munthu ukaona nambala imeneyo mtima umakhala pansi. Koma tiyerekezenso kuti mitengo ikukwera ndi 22 peresenti pachaka. Pazaka 15 zomwezo zinthu zidzakhala zitakwera pafupifupi ka 20, ndipo moyo wa K500,000 pamwezi uja udzafuna K9.9 miliyoni pamwezi. K511 miliyoni ija idzagula zimene K26 miliyoni ikugula lero. Aliyense amene anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa kuti izi si nthano.

N'chifukwa chake ndinaganiza zowerengera chilichonse mu kwacha ya lero, ndi kugwiritsa ntchito phindu lenileni lokha, lomwe ndi lotsala tikachotsa kukwera kwa mitengo. Limapezeka pogawa: 1.25 kugawa ndi 1.22 yankho ndi 1.025, kutanthauza phindu la 2.5 peresenti basi. Chaka chimene bonasi ndi 25 peresenti koma mitengo yakwera ndi 30, timagawa 1.25 ndi 1.30 n'kupeza 0.96. Chaka chimenecho penshoni yachepa mphamvu ndi pafupifupi 4 peresenti, ngakhale pa pepala ikuoneka kuti yakula. Tengani masitetimenti anu a zaka zingapo, muyerekeze bonasi ya chaka chilichonse ndi kukwera kwa mitengo kumene ofesi ya boma yowerengera zinthu ku Zomba inalengeza chaka chomwecho. Mudzaona zaka zina zokoma ndi zina zowawa. Ine ndinasankha 2 peresenti pachaka, ndipo ndikuona kuti kupitirira pamenepo n'kudalira mwayi.

Ubwino wowerengera chonchi ndi woti nambala iliyonse imene ikutuluka ndimaimva, chifukwa ndikudziwa chimene K500,000 ikugula pamsika lero.

Masamu ake ndinachitira mu Excel, ndipo mu Google Sheets amalembedwa chimodzimodzi. Loyamba ndi la ndalama zimene ndidzakhale nazo pa zaka 60:

```
=FV(0.02,15,-1500000,-18000000)
```

M'katimo muli phindu, zaka zotsala, zosonkha pachaka, ndi zimene zilimo kale. Chizindikiro chochotsera chikutanthauza ndalama zimene ndikuika. Yankho linabwera K50,165,755. Pa ndalamayi, K24.2 miliyoni ikuchokera pa K18 miliyoni ija itakula, ndipo K25.9 miliyoni ikuchokera pa zimene tizisonkha ine ndi abwana.

Lachiwiri ndi la mulu wa ndalama umene ukufunika tsiku lopumalo kuti uzindipatsa K6 miliyoni chaka ndi chaka. Pamafunika kusankha kuti ndalamazo zikhale zaka zingati. Ndinaika zaka 25, kufika pa 85. Ena amati ndani angafike pamenepo. Koma munthu amene wafika kale pa 60 ali ndi mpata weniweni wokhala zaka zina zambiri, ndipo mayi a kunyumba ndi ocheperapo kwa ine. Ndalama zikatha tili ndi zaka 78 sitidzakhala ndi mphamvu zokafuna ganyu.

```
=PV(0.02,25,-6000000)
```

Yankho ndi K117,140,739. Silifika K150 miliyoni, yomwe ndi K6 miliyoni kuchulukitsa ka 25, chifukwa ndalama zotsala zimapitiriza kubala pamene ndikudyako.

Kuchotsera K50.2 miliyoni pa K117.1 miliyoni, zoperewera ndi pafupifupi K67 miliyoni. Kunena mwanjira ina, zimene ndidzakhale nazo zingandipatse K214,000 pamwezi, osati K500,000. Kuti ndidziwe zofunika kusunga pazaka 15 kuti dzenjelo litsekeke ndinalemba:

```
=PMT(0.02,15,0,-66975000)
```

Zinatuluka K3,872,861 pachaka, yomwe ndi K323,000 pamwezi. Imeneyo ndi yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anga msonkho usanadulidwe, ndipo sindingaikwanitse ana ali pasukulu.

Apa ndinayamba kusintha nambala imodzi imodzi kuti ndione yamphamvu ndi iti. Zaka zopumira zinaposa zonse. Nditaika 65 m'malo mwa 60, zaka zosonkha zinakhala 20 ndipo zaka zodya zinatsika kufika 20. Ndalama zanga zinakwera kufika K63.2 miliyoni, zofunika zinatsika kufika K98.1 miliyoni, ndipo zoperewera zinangotsala K34.9 miliyoni. Zosunga pamwezi zinagwa kuchoka pa K323,000 kufika pa K120,000. Zaka zisanu zokha zimagwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake zili ndi mphamvu chotero. Vuto ndi loti si ine ndekha wosankha: pantchito pali malamulo ake, thupi nalo lili ndi mawu ake. Ndiye ndimaziwerengera ngati zaka zisanu za ntchito iliyonse yondidyetsa popanda kukhudza penshoni, podziwa kuti ngati palibe bwana woika 10 peresenti ija, ndiyenera kuipeza ndekha. Nditawonjezera kuti penshoni izindipatsa K400,000 m'malo mwa K500,000, zoperewera zinafika pa K15.3 miliyoni, zosunga pamwezi K52,500.

Ndinayesanso mbali yoipa. Phindu lenileni likakhala ziro, kutanthauza kuti bonasi ikungofanana ndi kukwera kwa mitengo, pa zaka 60 ndidzakhala ndi K40.5 miliyoni pofunika K150 miliyoni. Kusiyana kwa 2 peresenti chabe kwakulitsa dzenjelo kuchoka pa K67 miliyoni kufika pa K109.5 miliyoni. Mu Excel mukhoza kungoika 0 pamalo pa 0.02, limawerengera bwinobwino.

Pali zinthu ziwiri zimene masamuwa amabisa ngati simusamala. Choyamba, akutenga ngati malipiro anga azikwera molingana ndi mitengo. Chaka chimene mitengo yakwera ndi 22 peresenti koma malipiro akwera ndi 10, zosonkha zanga zachepa mphamvu, ndipo K1,500,000 ija ndiyenera kuitsitsa. Chimodzimodzi K120,000 yowonjezera: iyenera kukwera chaka chilichonse, apo ayi pakutha pa zaka zochepa idzakhala dzina chabe.

Chachiwiri ndi chimene chimachitika tsiku lopumalo. Lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, ndipo zotsalazo amazilandira pang'onopang'ono, kaya pogula anyuwite, yomwe ndi mgwirizano woti kampani ya inshuwalansi izikupatsani ndalama mwezi ndi mwezi, kapena potapa mwadongosolo. Masamu anga atenga ngati K50 miliyoni yonse izigwira ntchito yondidyetsa. Ndikatenga theka n'kumalizira nyumba kapena kugula galimoto, yotsalayo ingandipatse K107,000 pamwezi basi. Ndiye ngati muli ndi pulani ya ndalama ya nthawi imodziyo, ichotseni kaye musanawerengere zoperewera. Nyumba ya lendi mukhoza kuibweza m'masamu, koma ngati lendi imene ikulowa mutachotsa zokonzetsa, osati ngati mtengo wa nyumbayo.

Pa anyuwite napo funsani mosabisa ngati ndalama ya pamweziyo izikwera kapena izikhala yomweyomweyo. Yosakwera imayamba ili yaikulu ndipo imakopa, koma mitengo ikamakwera ndi 22 peresenti, K500,000 imagula zinthu za K185,000 pakangotha zaka zisanu.

Ine ndasankha kusonkha K120,000 yowonjezera pamwezi molingana ndi masamu opumira pa zaka 65 aja, ndipo ndapempha ofesi ya malipiro kuti izidula isanafike m'manja mwanga. Lendi ya kanyumba kaja ikulipira gawo lalikulu la ndalamayi. Sitetimenti yatsopano ikabwera ndimasintha manambala anayi mu fayilo ija: ndalama zimene zilimo, zosonkha za chaka, zaka zotsala, ndi mtengo wa mwezi umodzi pa mitengo ya nthawi imeneyo. Mwana womaliza akamaliza sukulu, ndalama ya fizi yake idzalowa komweko.