Sabata yopanda timitengo toyezera mkodzo

Sabata yathayi mu wodi yathu ya odwala akuluakulu muno mu Lusaka munali za masiku onse, shuga, kuthamanga kwa magazi, chifuwa chachikulu ndi mabedi osakwanira, ndipo sindinena zambiri za izo. Chimene chandikwiyitsa ndi nkhani ya bambo wina wa zaka 34 wochokera ku Kanyama, amene anagona kuyambira Lolemba akuthandizidwa ngati wodwala chiwindi pamene vuto lake linali impso.

Anabwera miyendo itatupa mpaka m'ntchafu, m'mimba muli madzi, ndipo atangovomera kuti amamwako kachasu, fayilo yake inalembedwa kuti chiwindi chauma, napatsidwa mankhwala okodzetsa a sipironolakitoni, nauzidwa kudikira sikani. Ine ndinamuona Lachitatu, zotsatira za magazi zitabwera. Alubumini, puloteni imene imathandiza kusunga madzi m'mitsempha ya magazi, inali 17 g/L pamene iyenera kukhala 35 mpaka 50, ndipo puloteni yonse inali 40 g/L pamene timayembekezera 60 mpaka 80. Kuchotsera kwake n'kosavuta: gulobulini, ndiye kuti puloteni yotsala tikachotsapo alubumini, inali 23, ndipo nambala imeneyi ndiyo inandikayikitsa. Chiwindi chikauma chimalephera kupanga alubumini, koma gulobulini, imene mbali yake yaikulu imapangidwa ndi maselo a chitetezo cha thupi, nthawi zambiri imakwera, kotero puloteni yonse sitsika kwambiri. Impso zikamadontha, alubumini imapita mumkodzo pamodzi ndi mbali ina ya gulobulini, ndipo manambala onse awiri amagwera limodzi.

Tsiku lomwelo ku wodi ya amayi kunali mayi amene anaonetsa mbali inayo bwinobwino. Alubumini yake inali 22, puloteni yonse 68, kutanthauza gulobulini ya 46, ndipo INR, muyeso wa kuchedwa kwa magazi kuundana, inali 1.9, mapuleteleti othandiza magazi kuundana ali 70 okha, kapamba atakula, HBsAg, chizindikiro cha kachilombo ka hepataitisi B, ili pozitivu. Icho ndicho chiwindi. Bamboyu INR yake inali 1.0, mapuleteleti 310, maso oyera, ndipo kapamba sankamveka. Wina anandiuza kuti kiriyatinini ya 88, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi, ikusonyeza kuti impso zili bwino, koma impso zingathe kutaya puloteni yochuluka zikusefabe bwino, monga mmene ALT yabwino, muyeso wa kuwonongeka kwa maselo a chiwindi, sitsimikizira kuti chiwindi sichinaume.

Ndinawafunsa akazi awo kuti, “Amayi, kodi bambowa akadzuka m'mawa nkhope imaoneka bwanji?” Anayankha kuti zikope zimatupa mpaka maso kuchepa, ndipo masana kutupako kumatsikira kumiyendo. Mwiniwakeyo anawonjezera kuti mkodzo wake umachita thovu ngati la sopo lomwe silitha msanga m'chigubu. Palibe amene anali atawafunsa zimenezi.

Ndinapempha kamtengo koyezera mkodzo, ndipo asisita anandionetsa botolo lopanda kanthu, nati timitengo tinatha kale ndipo kusitolo amangoti oda ili m'njira. Apa ndi pamene mtima wanga unawawa, chifukwa chipatala chimene chimatha kuyendetsa makina oyezera magazi chikulephera kusunga chinthu chotchipa chimene chimayankha funso lonseli m'mphindi imodzi. Akazi awo anakwera minibasi kukagula timitengo ku famase ya m'tauni ndi ndalama ya ndiwo. Kamtengoko kanasonyeza puloteni 4+, ndipo mkodzo utayezedwa ku labu ina, chiwerengero cha puloteni poyerekeza ndi kiriyatinini chinali 900 mg/mmol, pamene malire a nefurotiki, matenda a impso zotaya puloteni yochuluka mumkodzo, ali cha pa 300 mpaka 350, ofanana ndi pafupifupi 3.5 g pa tsiku. Kolesitolo inali 11 mmol/L, umboni wakuti chiwindi chikugwira ntchito mopitiriza muyeso pofuna kubweza zimene zikutayika.

Kuchedwako kunali ndi mtengo wake. Lachinayi usiku mwendo wakumanzere unatupa kuposa unzake, katumba akupweteka, ndipo sikani inapeza magazi oundana mumtsempha. Wodwala nefurotiki amataya mumkodzo antithirombini, puloteni yoletsa magazi kuundana, ndipo alubumini ikatsika kufika pansi pa 20 kapena 25, ngozi ya kuundana kwa magazi imakula, makamaka munthu akangogona pabedi akumwa mankhwala okodzetsa. Akadadziwika Lolemba, tikadaganizira zomuteteza ndi hepalini, mankhwala oletsa magazi kuundana, pa tsiku loyamba.

Sindikunena kuti gulobulini yokha ndi yokwanira kugamula. Kuno kwathu HIV ndi chifuwa chachikulu zimakweza gulobulini ngakhale chiwindi chili bwino, njala ndi matenda a m'matumbo zimatsitsa manambala onse awiri mkodzo uli wopanda puloteni, ndipo kachilombo ka hepataitisi B kangathe kuwononga chiwindi ndi impso mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake ngakhale mayi uja tinamuyeza mkodzo ndi kamtengo kotsala m'botolo la bamboyu, ndipo munalibe puloteni.

Bamboyu alibe HIV, HBsAg ndi negetivu, shuga wake ali bwino, ndipo Lachisanu tinamutumiza kwa madokotala a impso ku chipatala chachikulu cha UTH ali pa hepalini ndi mankhwala okodzetsa a fulosemaidi, kuti akaone ngati pakufunika kutenga kachidutswa ka impso. Loweruka ndinalemba kalata ina kwa akuluakulu yopempha timitengo, ndipo botolo limene anagula amayi aja ndilo tikugwiritsabe ntchito wodi yonse.