Mmene tinayambira kudula zithunzi za ziphaso zambiri nthawi imodzi

Situdiyo yathu ili pa Nchalo, m'boma la Chikwawa, ndipo kwa zaka zingapo ntchito yathu inali kujambula maukwati ndi zithunzi za apo ndi apo za anthu ofunsira ntchito. Zinthu zinasintha pamene akuluakulu a munda wina wa nzimbe anatipempha zithunzi za ziphaso za antchito awo 240, zoti zikhale zitatha m'masiku anayi. Kudula chithunzi chimodzi pamanja kunkanditengera mphindi zitatu, kutanthauza maola 12 ndili pa kompyuta, osawerengera kuthimathima kwa magetsi.

Muyeso wofala wa chithunzi cha pasipoti ndi mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali, ndipo posindikiza ndi madontho 300 pa inchi, chimakhala mapikiselo, kapena kuti timadontho topanga chithunzi, 413 kwa 531. Mutu, kuyambira pachibwano kufika pamwamba pake, uyenera kutenga magawo 70 mpaka 80 pa 100 aliwonse a kutalika kwa chithunzicho. Lamulo la mutuli ndi limene linandipunthwitsa. Poyamba ndinangouza pulogalamu yaulere ya ImageMagick kuti ichepetse zithunzi zonse kufika pa muyesowo, koma poti chithunzi cha foni yathu, cha mapikiselo 3000 kwa 4000, n'chofanana kale kwambiri ndi cha pasipoti m'kaumbidwe kake, pulogalamuyo inangoshepa pang'ono m'mphepete. Munthu anatuluka yense mpaka m'chiuno, nkhope ili kachinthu kakang'ono koti mlonda wa pageti sangakazindikire.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti lamulo limene ndinalemba siliona nkhope, limangodula pamalo pamene lauzidwa, choncho ntchito yeniyeni ili pojambula. Tinabwerera kumundako m'mawa mwake, dzuwa la kuno kuchigwa lisanayambe kuswa mtengo, chifukwa ikangokwana 10 koloko thukuta limanyezimira pachipumi ndipo anthu amatsinzina. Tinakhoma nsalu yoyera pakhoma la mumthunzi, tinaika mpando umodzi n'kulemba ndi choko pamene miyendo yake yaima, foni n'kuimangirira pa choimikira chake cha miyendo itatu pamalo amodzi osasuntha. Pagalasi la foni ndinamata timizere tiwiri ta tepi, wina wa pamwamba pa mutu, wina wa pachibwano. Akakhala munthu wamtali kapena wamfupi, tinkakweza kapena kutsitsa foniyo mpaka mutu ugwere pakati pa timizereto, koma mtunda wochoka pa mpando sitinaukhudze.

Nditayeza zithunzi zingapo, ndinapeza kuti mutu ukutenga mapikiselo pafupifupi 1350. Bokosi lodulira ndinalipanga la 1400 kwa 1800, lomwe kaumbidwe kake n'kofanana ndendende ndi 35 kwa 45, ndipo 1350 pa 1800 ndi magawo 75 pa 100, pakati penipeni pa zimene zimafunika. Kuti bokosilo likhale pakati, linayenera kuyambira pa 800 kuchokera kumanzere, popeza 3000 kuchotsa 1400 kumatsala 1600, theka lake 800. Kuchokera pamwamba ndinasiya 700. Lamulo lonse linali ili:

```
mkdir zodula
magick mogrify -path zodula -auto-orient -crop 1400x1800+800+700 +repage -resize 413x531 *.jpg
```

Mawu awiri m'lamuloli ndimawasamala kwambiri. Mukasiya `-path zodula`, mawu amene amatumiza zithunzi zodulidwa mu foda yakeyake ya `zodula`, pulogalamuyo imalemba pamwamba pa zithunzi zoyambirira, ndipo mukalakwitsa muyeso mulibenso pobwerera. Nawo `-auto-orient` ndinawadziwa nditavutika kale: mafoni ambiri amasunga chithunzi chogona n'kungolembamo chizindikiro chobisika choti chiimikidwe poonetsa, moti popanda mawuwa bokosi limagwera pakhutu ndi pakhoma. Mukaona kuti zithunzi zooneka bwino pa foni zatuluka zogona cham'mbali, vuto lake ndi limeneli.

Zithunzi zonse 240 zinatha ndisanamalize kapu ya tiyi, koma sindinazitumize choncho. Ndinaziyala pa kompyuta zing'onozing'ono, khumi pamzere, n'kuziyang'ana ndi maso. Zolakwika zinali 17. Zambiri zinali za amayi ovala duku lalitali, limene bokosi linadula nsonga yake, ndipo zina zinali za abambo amene anaweramira kutsogolo nthawi yojambula, mutu n'kukula kupyola muyeso. Zimenezi ndinazidula pamanja, ndipo mpaka lero sindiona chifukwa chosakira njira yovuta yothetsera zithunzi zochepa chonchi.

Chimene tinawonjezera pambuyo pake ndi kaundula. Foni imatcha zithunzi ndi manambala ake, ndipo pagulu lalikulu n'kosavuta kuika nkhope ya wina pa chiphaso cha mnzake. Masiku ano mchemwali wanga amakhala pambali ndi mndandanda wa antchito, ndipo aliyense akakhala pampando amayamba wanyamula pachifuwa kapepala kolembedwa nambala yake ya ntchito. Kapepalako kamaoneka pa chithunzi choyambirira, koma kamakhala m'munsi mwa bokosi lodulira, choncho pa chiphaso sikatuluka.