Chaja yomwe inkapsereza tiranzisita masana okhaokha

Lolemba mu shopu munabwera chaja ya batire ya mavoti 13.8, yomwe tiranzisita yake, TIP3055, inkapsa ikagwira ntchito masana. Tisanaikemo ina, tinayamba tawerengera kutentha kwa jankishoni, kachidutswa ka silikoni kamkati komwe temometa singafike.

Choyamba ndi mphamvu yomwe ikusanduka kutentha. Ku kolekita kunkalowa mavoti 20, ku emita kukutuluka 13.8, maampu ali 4. Tiranzisita ikumeza mavoti 6.2, kuchulukitsa ndi 4, ndiye mawati 24.8.

Kutenthaku kumadutsa pa zipata zitatu zotsatizana, ndipo kukana kwake kumaphatikizidwa ngati malezisita olumikizidwa mondondozana:

```
Tj = Ta + P × (Rjc + Rcs + Rsa)
```

Apa `Tj` ndi kutentha kwa jankishoni, `Ta` ndi kutentha kwa mpweya wozungulira, ndipo `P` ndi mawati aja. Kuchoka pa jankishoni kufika pa thupi la tiranzisita, `Rjc`, pepala la fakitale limapereka madigiri 1.39 pa wati iliyonse. Kuchoka pa thupi kufika pa hitisinki, chitsulo chomwaza kutentha mumpweya, ndi `Rcs`: podutsa pa kapepala kotchinga magetsi ka maika wopaka girizi, tinatenga 0.8. Kuchoka pa hitisinki kufika mumpweya ndi `Rsa`, ndipo hitisinki yomwe inalimo ndi ya 2.5. Zonse pamodzi 4.69, kuchulukitsa ndi 24.8, jankishoni ikuposa mpweya woizungulira ndi madigiri 116.

Ambiri amagwa pa `Ta`. Ukalemba 25, yankho ndi 141, pansi pa malire a 150, ndipo umaona ngati zili bwino. Koma hitisinki siipuma mpweya wa m'chipinda, imapuma wa m'bokosi. Lachitatu tinatseka chivundikiro, chaja n'kugwira ntchito kwa ola, ndipo mkatimo, pafupi ndi tiransifoma, munafika 45. Ndiye kuti jankishoni inali pa 161, kupitirira malire aja, n'chifukwa chake tiranzisita inkapsa masana mpweya ukatentha. Mawati 90 olembedwa pa pepala asakunyengeni: amatheka pokhapokha thupi la tiranzisita litakhala pa madigiri 25, zomwe hitisinki wamba singakwanitse.

Lachinayi tinaika matiranzisita awiri ogawana katundu, aliyense ndi lezisita ya maomu 0.1 pa emita kuti wina asalemedwe yekha. Apa masamu amafuna kusamala. Tiranzisita aliyense amanyamula mawati 12.4 okha podutsa zipata ziwiri zoyamba, koma hitisinki imalandirabe onse 24.8. Pa hitisinki yakale:

```
Tj = 45 + 24.8×2.5 + 12.4×2.19 = 134
```

Sipapsa, komabe 134 yayandikira malire kwambiri, ndipo ine chaja yotere sindingaitulutse mu shopu. Ndi hitisinki ya 1.5 yankho linatsikira pa 109.

Lachisanu kunali kutsimikiza. Masamu akuti hitisinki ikhazikike pa madigiri 82, thupi la tiranzisita likuiposa ndi 10 basi. Kusiyanako kukafika 20 kapena 25, vuto lili pa maika: mwina girizi wauma, sikulu yakhwepa, kapena chibowo chili ndi kachitsulo kotukula tiranzisita. Girizi apakidwe mopyapyala, chifukwa ntchito yake ndi kudzaza timaenje tokha, ndipo zipsepse za hitisinki ziimirire kuti mpweya wotentha uzikwera pakati pake.